MUTU UKALEKA KUPWETEKA SIKUTI BIPI YATSIKA

Abale anga a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Makawa, Namiasi, Malembo, Msaka mpaka kutsidya ku Malindi ndi Makanjira, ndabweranso. Lero si za mainjini ayi. Ndikufuna tikambirane za mutu, womwe uja timauthamangira ndi panado wa pa okala. Werengani mpaka pansi, kenako muwawerengerenso akuluakulu kunyumba.

Maganizo anga ndi awa, ndipo sindizungulira. Munthu amene wapitirira zaka 30, mutu ukumamubwerera kawirikawiri, koma sanayezetsepo bipi, akusewera ndi moyo wake. Panado amatontholetsa ululu basi. Magazi aja ngati akuthamanga mopitirira muyeso, amapitiriza kuthamanga chimodzimodzi, mwamwa panado kapena simunamwe.

Bipi ndi mphamvu imene magazi amakankhira makoma a mitsempha mtima ukamapopa. Makina oyezera amatulutsa manambala awiri. Yam'mwamba ndi ya nthawi imene mtima wafinya, yam'munsi ndi ya nthawi imene wapumira. Kwa munthu wamkulu, kuzungulira 120/80 zili bwino. Zikamapezeka 140/90 kapena kuposa apo, pa masiku awiri osiyana, achipatala amati muli ndi matenda a kuthamanga kwa magazi. Si matenda a mabwana a m'tauni okha ayi. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi bipi yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankamwa mankhwala aliwonse. Tawerengani amuna akuluakulu amene amakhala pa bawo padoko panu, mugawe patatu.

Tsono apa ndi pamene ambirife timasochera. Timaganiza kuti bipi ikakwera mutu utiuza. Ayi ndithu. Anthu ambiri a bipi yokwera samva kalikonse kwa zaka, amadya bwino, amakoka chilimira bwinobwino. Komanso mutu wambiri umene timamva kuno suchokera ku bipi. Mlovi wagona panyanja usiku wonse akuyang'ana nyali, wapuma utsi wa injini, sanamwe madzi, m'mawa waponyera kachasu pamimba yopanda kanthu, mutu ulekerenji kupweteka? Onjezani malungo ndi dzuwa la Okutobala. Ndiye kupweteka kwa mutu si umboni woti muli ndi bipi, ndipo kusapweteka kwake si umboni woti mulibe. Chimene chimanena zoona ndi makina okha. Ngakhale ife pa ntchito, mwini boti akati injini yanga ikumveka bwino, ine ndimachotsabe pulagi ndi kumanga geji. Khutu limanama, geji sinama.

Koma pali nthawi imene mutu ndi bipi zimayenderadi limodzi, makamaka manambala akakwera kwambiri. Ndikupatseni chitsanzo cha bambo wina amene ndinkawakonzera injini, dzina sinditchula. Anali ndi zaka 52, mwini chilimira, munthu wamphamvu zake. Anayamba kumadzuka m'mawa mutu ukulemera chakunkhongo. Ankamwa mapanado awiri, pofika masana zinkatha. Patapita miyezi panado anasiya kugwira, mnzawo anawauza kuti bufeni ndiye wamphamvu. Anayamba bufeni m'mawa ndi madzulo. Anakatemetsanso mphini m'mbali mwa mutu. Tsiku lina anaperekeza akazi awo kuchipatala, namwino anangoti bambo, bweretsani mkono nanunso. Makina anawerenga 178/106. Anawakhazika kanthawi n'kuwayezanso, 172/104. Malungo anawayeza, sanapezeke.

Anawayambitsa mankhwala a bipi, anawauza asiyiretu bufeni ndi kuchepetsa mchere. Patatha mwezi zinali 152/94, anawawonjezera mtundu wachiwiri. Mwezi winawo 134/84, ndipo mutu uja unali utasowa. Apa ndi pamene nkhani inapindika. Usipa unagwa mbali ina ya nyanja, iwo anasamuka ndi alovi awo, mapiritsi anathera komweko. Anati ndachira, mutu sukupweteka, ndikatenga ndikabwerera. Mutu utayambanso anabwerera ku okala. Patatha miyezi itatu, m'mawa wina kapu ya tiyi inagwa m'manja, kamwa inapotoka, mawu osamveka. Lero ali moyo, koma mkono wamanja sugwira ndipo mwendo amachita kukoka. Padoko anthu ankanong'onezana kuti awamenya hamala chifukwa cha nsanje ya usipa. Abale, manambala analembedwa m'kabuku kawo ka kuchipatala. Hamala yake inali imeneyo.

Chimachitika n'chiyani m'thupimo? Mitsempha ya magazi ikamakankhidwa mwamphamvu chaka ndi chaka, imauma ndi kuchepa mkati. Mu ubongo kamtsempha kamatha kutsekeka kapena kuphulika, ndiye sitiroko ija, kufa kwa ziwalo. Mtima umakula chifukwa chopopa movutikira, kenako umatopa, munthu amayamba kubanika ndi kutupa miyendo. Impso nazo zimawonongeka mwakachetechete, ndipo zikafa munthu amafunika makina osefa magazi, amene m'zipatala za boma mukawapeza ku Queens ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Msodzi wa ku Makanjira angakwanitse ulendo umenewo sabata ndi sabata? Zonsezi zimayenda mutu uli phee chifukwa cha panado.

Tsono ndinene za bufeni, pamodzi ndi abale ake dikilofenaki ndi indosidi, chifukwa ambiri sadziwa. Mankhwala amenewa amachititsa thupi kusunga mchere ndi madzi, zomwe zimakwezanso bipi. Amalemetsa impso, ndipo amafooketsa mphamvu ya mankhwala ena a bipi. Ndiye munthu wa bipi amene akumwa bufeni tsiku ndi tsiku chifukwa cha mutu, akuthira mafuta pa moto umene akufuna kuzimitsa. Panado ndiye wabwinoko kwa munthu wa bipi, koma naye ali ndi malire. Munthu wamkulu asapitirire mapiritsi 8 a 500 mg pa tsiku, kupitirira apo chiwindi chimawonongeka. Ndiponso kumwa mankhwala a mutu pafupifupi tsiku lililonse kumatha kuyambitsa mutu wina wakewake, umene umabwera mankhwala akangotha mphamvu.

Ndikudziwa wina akuti, aise, iwe ukulankhula ngati chipatala chili kuseri kwa nyumba. Thiransipoti ndi ndalama, mzere ndi wautali, tsiku la ntchito latayika, ndipo nthawi zina umafika n'kuuzidwa kuti mankhwala atha kagule. Zonsezo n'zoona, sindikutsutsa. Koma tiwerengere bwino. Kuyeza bipi sikutenga mphindi khumi, ndipo kuchipatala cha boma n'kwaulere. Mapiritsi ake ambiri ndi a kamodzi pa tsiku. Yerekezani ndi boti limene laima chaka chathunthu chifukwa mwini wake sangathe kukoka chingwe cha injini, ndi mayi amene wasiya geni ya usipa kuti azisambitsa mwamuna wake. Wina amati mankhwala a bipi ukayamba susiya, ndiye bola osayamba. Mankhwalawo sakuyambitsa ukapolo ayi. Matendawo ndi amene sachoka, mankhwala amangowagwira. Mukawasiya bipi imabwerera pamene inali, ngati mmene zinachitikira ndi bambo aja.

Mukapita kukayezetsa, kaya ku chipatala chachikulu cha pa boma, ku Monkey Bay, ku Koche, ku St Martin's ku Malindi kapena chipatala chaching'ono cha kwanu, chitani izi kuti manambala akhale oona. Musasute fodya kapena kumwa khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija kwa mphindi 30 musanayezedwe. Mukafika pa njinga muli wefuwefu, khalani pansi mphindi zisanu kaye. Tsamirani, mapazi pansi, mkono pa tebulo, ndipo musalankhule makina akamafinya. Dziwaninso kuti ululu pawokha umakweza bipi pang'ono, ndiye ngati anakuyezani mutu ukupweteka, bwererani tsiku lina muli bwino akatsimikize. Funsani manambala anu ndipo onetsetsani kuti alembedwa m'kabuku. Ngati mutu ukubwera ndi kutentha thupi, yezetsaninso malungo, musangoti ndi bipi.

Akakupatsani mankhwala, imwani tsiku lililonse, ngakhale tsiku limene mukumva bwino. Ena amakodzetsa pafupipafupi, ena amatupitsa mapazi, ena amabweretsa kachifuwa kouma. Zikatero musasiye mwakachetechete, bwererani mukanene, mitundu ilipo ingapo ndipo amasintha. Musabwereke mapiritsi a mnzanu. Ngati mukusamuka kutsatira usipa, katengeni mankhwala musananyamuke, ndipo kabuku kayende nanu m'pulasitiki momwe mumasungira foni.

Za mchere, bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza wonse wa m'ndiwo. Ife kuno usipa wofutsa uli kale ndi mchere, pophika tiwonjezera, pa mphasa tiwazanso wina. Soda wa m'therere ndi timakyubu tokometsera ndiwo nazonso zimawerengedwa momwemo. Yambani ndi kuchotsa mchere wa pa mphasa.

Pomaliza, pali mutu umene suyenera kudikira m'mawa kapena panado. Mutu woopsa umene wabwera mwadzidzidzi ngati wakumenyani ndi nkhafi. Mutu umene ukubwera ndi kuona mwachimbuuzi, kusanza, kusokonezeka, kupweteka pachifuwa kapena kubanika. Kamwa kupotoka, mkono kapena mwendo kufooka mbali imodzi, lilime kulemera. Makina akawerenga 180/120 kapena kuposa pamodzi ndi zizindikiro zimenezi, imeneyo ndi ngozi. Pezani galimoto kapena njinga yamoto nthawi yomweyo, osayamba mwadzera kwina. Musamupatse asipirini munthu amene kamwa yapotoka, chifukwa ngati mtsempha waphulika mu ubongo, magazi atuluka kwambiri.

Kwa amayi oyembekezera nkhaniyi ndi yothina kuposa. Mimba ikapitirira masabata 20, mutu wosaleka, kutupa nkhope ndi manja, kuona tinyenyezi, kapena kupweteka pamwamba pa mimba, zitha kukhala bipi ya mimba, imene imafika pokomola mayi ndi kupha mwana. Azibambo, mkazi wanu akanena zimenezi musamutumire mwana ku okala. Mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira tsiku la sikelo.

Sabata ino funsani bambo anu, mayi anu, amalume anu kuti anayezetsa liti, ndipo manambala anali otani. Akayankha kuti ine mutu sundipweteka, auzeni kuti funso silinali limenelo.

Tumizani ku magulu ena. Ndine wanu makaniko wa padoko.