Funsani ngati muli awiri okha, za ankhoswe ziyambe zadikira

Chaka chatha ndinatsala pang'ono kuthawitsa mnyamata wina ndi uthenga wa mawu atatu okha. Tinali titacheza masabata asanu: kuimbirana usiku uliwonse, tchipisi cha pachiwaya Loweruka, kuperekezana pa siteji ya minibasi. Koma sindinkadziwa ngati ndinalipo ndekha. Tsiku lina cha m'ma 11 koloko usiku ndinamulembera pa WhatsApp kuti, "Tikambirane za tsogolo." Timizere tija tinasanduka tabuluu, kenako zii, masiku awiri.

Titakumana anandiuza kuti ataona mawu oti tsogolo, m'mutu mwake munabwera amalume anga, ankhoswe ndi ndalama za chinkhoswe, pomwe iye ankagonabe kwa achimwene ake. Ine ndinkangofuna kudziwa ngati panali mtsikana wina, basi.

Apa m'pamene ambirife timaphonya. Funso loti "kodi tili awiri okha?" ndi losiyana ndi loti "udzandikwatira?" Loyambalo ndi laling'ono, munthu atha kuliyankha lero lomwe. Tikawaphatikiza, mnzathu amamva lalikululo n'kuliyatsa liwiro.

Ena amati kufunsa n'kudzitchipitsa, munthu akakulola ndiye kuti zatha. Ine ndikukana. Masiku ano wina atha kumakutchulani bebi kwinaku akutchulanso anthu ena awiri chimodzimodzi, ndipo mukadzamugwira adzati, "Kodi tinagwirizana chani?" Safunsa anadya phula.

Nthawi yabwino yofunsira simaiwerenga pa kalendala pokha. Ngati mwaonana maso ndi maso kangapo, inu mwasiya kuyankha ena amene amakufunani, ndipo mwayamba kusuzumira foni yake ikalira, nthawi yakwana. Kambiranani masana, muli awiri, pamalo poti aliyense atha kunyamuka n'kumapita, kaya poyenda kapena pakudya. Osati pa foni, pomwe munthu saona nkhope yanu ndipo amadzaza yekha zimene simunanene. Osati mutamwa, muli pabedi, kapena mutangoona uthenga wokayikitsa, chifukwa pamenepo funso limasanduka mlandu.

Ulendo wachiwiri ndinayamba ndi mbali yanga. Ndinati: "Ndikusangalala ndi mmene tikuchezeramu. Ineyo ndasiya kucheza ndi ena mwa njira imeneyi, ndipo ndingakonde kuti tikhale awiri okha. Sindikunena za ukwati ayi. Iweyo uli pati?" Kenako ndinatseka pakamwa. Kukhala chete kumeneko n'kovuta, koma mukayamba kudzaza mpatawo ndi "komatu usadandaule, ndimangocheza," mwafufuta nokha funso lanu.

Mawuwa saopsa chifukwa simukumuimba mlandu. Mwaulula zanu kaye, mwatchula chimene mukupempha, mwatchulanso chimene simukupempha.

Yankho limabwera mwa mitundu itatu. Akavomera, musathere pa kumwetulirana. Tchulani tanthauzo lake: kodi wakale uja aziimbabe usiku? Anzanu mudziwauza kuti ndinu ndani? Akati akufuna nthawi, si mlandu, koma gwirizanani tsiku, mwina pakatha masabata awiri, loti mudzabwererenso pa nkhaniyi. Wofuna nthawi moona mtima amavomera tsikulo. Woti akungokusungani amati, "Bwanji tingoona mmene zikhalire," kapena amakusekani kuti mumaganiza kwambiri, mwezi n'kutha nkhani osaiyambanso. Kumeneko n'kukana kovala jekete. Wachitatu amanena poyera kuti sali wokonzeka. Zimawawa, koma ameneyo wakulemekezani, ndipo kukhala kapena kuchoka zili kwa inu.

Pali chifukwa china chimene sitiyenera kuchitira manyazi nkhaniyi. Anthu ambiri amasiya makondomu akangomva kuti tsopano ndi chibwenzi chenicheni, pomwe sanafunsane n'komwe. Lonjezo la pakamwa si zotsatira za magazi. Mukagwirizana kukhala awiri, pitani limodzi kukayezetsa HIV, ndipo kumbukirani kuti kachilombo kongolowa kumene kamatha kusaoneka pa kuyeza kwachangu kuja mpaka pafupifupi miyezi itatu. N'chifukwa chake achipatala amauza anthu kuti adzabwerenso. Pakati ponsepo kondomu isachoke.

Mnyamata uja anandipempha sabata imodzi. Lachisanu lake anandiuza kuti panali wina amene ankalemberana naye, ndipo wamuuza kuti basi. Sindinasangalale kumva kuti analipo, koma bola ndinamva kwa mwini wake, osati pa sitetasi ya munthu wina.

Ngati funso laulemu ngati limeneli lathawitsa munthu, dziwani kuti si funsolo lamuthawitsa. Anali kale ndi phazi limodzi panja, inu mwangodziwa msanga.