Mfundo ndi yathu, kuwomberedwa m'manja n'kwa wina

Ambirife takhalapo pa msonkhano wa kuntchito kuno ku Mangalande n'kutuluka ngati sitinalowemo. Taganizani za msonkhano wa pamwezi kunyumba yosamalira okalamba. Taona kuti agogo ena amagwa kawirikawiri m'bandakucha, pamene a shifiti ya usiku atanganidwa ndi kulemba malipoti. Tiyamba kunena kuti ntchito yolembayi iziyamba msanga, koma tisanafike pa mfundo, wina walowerera. Patapita mphindi khumi mnzathu anena zomwezo, abwana n'kugwedeza mutu, ndipo m'maminitsi mulowa dzina lake.

Tsankho lilipo, sitikukana. Koma china tinachokera nacho kumudzi. Pabwalo la mfumu munthu amadikira mnzake amalize, ayambe wathokoza, apepese kuti angowonjezerapo pang'ono, kenako afike pa nkhani. Kuno mpata wotero kulibe. Kafukufuku wa m'chaka cha 2009 wa zinenero 10 anapeza kuti pakati pa funso ndi yankho pamadutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Wodikira bata lenileni adzadikira mpaka msonkhano kutha, ndipo ulemu wathu woyang'ana pansi eni dziko amauyesa kusowa chonena.

Choncho mfundo izikhala m'chiganizo choyamba: "Malipoti tiziyamba 4 koloko, kuti pofika 6 koloko tonse tikhale m'zipinda." Zifukwa zibwere pambuyo. Wina akatidula, timalize modekha, osakweza mawu: "Ndimalize kaye." Poyamba lilime limalemera, pakuti kwathu kutero kwa wamkulu ndi mwano.

Njira ina tingabwereke kwa amayi amene ankagwira ntchito ku White House m'nthawi ya Barack Obama. Nyuzipepala ya Washington Post inalemba mu 2016 kuti iwo anapangana kuti mmodzi akanena mfundo, ena aziibwereza n'kutchula dzina la mwini wake. Sipafunika gulu. Mnzathu mmodzi, kaya ndi wa ku Zimbabwe kaya wa ku Philippines, akwanira, bola tipangane msonkhano usanayambe. Paja amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma kalumoko kafunika wina wochitira umboni kuti anabwera nako ndani.

Tikachita zonsezi miyezi ingapo koma n'kumaonabe kuti odulidwa mawu ndi ife akhungu lakuda tokha, ndiye kuti vuto si kayankhulidwe. Apa tizitumiza mfundo zathu pa imelo kwa wapampando dzulo lake, tizipempha kuti maminitsi akonzedwe asanavomerezedwe, ndipo tizilemba tsiku, amene analipo ndi zimene zinanenedwa. Lamulo la Equality Act la mu 2010 limaletsa kusala munthu kuntchito chifukwa cha khungu, mtundu kapena dziko lochokera, koma a bungwe la ogwira ntchito tikawapitira, choyamba kufunsa ndi masiku ndi zolembedwa.