Mwini nyumba akakhala chete ku Joni, ntchito isaime ku Mzimba

Yendani pa boma la Mzimba, mutsike ku Jenda, Embangweni kapena Edingeni, muone nyumba zimene zinaima pa bimu, udzu n'kumamera m'zipinda. Anthu amati ndalama zinatha. Kwa zina n'zoona, koma zina zinaima chifukwa cha funso limodzi limene mmisiri anafunsa, mwini wake osayankha.

Kuyambira nthawi ya Wenela, amuna a ku Mzimba akhala akupita ku Joni, ndipo lero nyumba zambiri za malata zikumangidwa ndi ndalama za pa Mukuru. Mwini nyumba amalamula pa WhatsApp, koma amaweruka usiku atatopa, uthenga n'kugona sabata ziwiri. Ine ndikuti mmisiri wongokhala pansi kudikira yankho sakulemekeza bwana wake ayi. Akumuonongera chuma.

Tiyerekeze kuti ndi Okutobala, nyumba yafika pa bimu, ndipo funso ndi la denga: likhale la mbali ziwiri kapena la mbali zinayi? Denga la mbali ziwiri limafuna kukweza zipupa zosongoka kumapeto, choncho pamalowa njerwa ndi simenti zina. La mbali zinayi silifuna zipupazo, koma limadya matabwa ambiri ndipo malata amaonongeka podula m'makona. Popanda yankho mmisiri sangadule thabwa kapena kuitanitsa malata.

Pamene akudikira, mvula ya Disembala ikuyandikira. Simenti ya m'thumba ikapitirira miyezi itatu imayamba kuchepa mphamvu, ndipo ikagwira chinyezi imaundana mibulu yosafikisika ndi zala. Mitengo ya zinthu nayo siyembekeza munthu. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo mmisiri amene anali atalonjeza kale mtengo wa ntchito analira yekha.

Nanga achite chiyani? Choyamba, mmisiri aleke kufunsa kuti "Bwana, denga tipange bwanji?" Funso lotere limapatsa munthu wotopa ntchito yoganiza. Alembe chonchi: "Bwana, denga lili pawiri, zithunzi ndi mitengo yake ndi izi. Ine ndikuona kuti la mbali ziwiri lipulumutsa ndalama. Ndikufuna yankho pofika Lachisanu kuti tifolere mvula isanagwe. Likapitirira Lachisanu, anyamata apita ku ntchito ina ndipo mtengo tiuonanso." Uthenga wotere munthu amauyankha ndi mawu amodzi ali m'basi.

Chachiwiri, ntchito isanayambe agwirizane polemba kuti mafunso ali mitundu iwiri. Pa zinthu zazing'ono zotheka kuzisintha, monga malo ounjikapo mchenga kapena chipinda choyambira, mwini akakhala chete masiku atatu ndiye kuti wavomera. Pa zinthu zodula kapena zosabwezeka, monga denga, kukula kwa mawindo ndi kusuntha chipupa, kukhala chete si kuvomera. Apa pafunika munthu mmodzi wa kumudzi amene mwini wamutchula kuti mawu ake ndi omaliza. Akhale mmodzi, chifukwa mkazi, mchimwene ndi atate akamalamula onse, mmisiri amagumula madzulo chimene anamanga m'mawa.

Chachitatu, ntchito yosadalira yankholo ipitirire. Bimu imafuna kuthiridwa madzi kwa masiku osachepera 7. Pali kuthira dothi m'zipinda ndi kulisinja, kukumba dzenje la chimbudzi, kusema mizere ya mapaipi a magetsi, ndi kupaka mankhwala a chiswe pa matabwa a ku Chikangawa. Komabe ntchito zotere zimatha m'sabata zochepa. Zikatha, mmisiri ajambule zithunzi, awerenge katundu wotsala pamaso pa mboni, alembe tsiku, achoke poyera.

Ena adzati kupatsa bwana tsiku n'chipongwe, ndipo pa mwambo wathu wamng'ono salamula wamkulu. Chipongwe chenicheni ndi kumusiya munthu amene akukhetsa thukuta kunja kuti adzapeze simenti yake itasanduka miyala. Ngakhale m'mapangano a misewu ndi milatho, mwini ntchito akachedwetsa malangizo, kontilakita amakhala ndi ufulu wopempha nthawi yoonjezera ndi ndalama, bola adziwitse polemba nthawi yake isanadutse. Mmisiri wa ku Jenda alekerenji kuchita chimodzimodzi?

Inu muli ku Joni, dziwani kuti yankho lanu ndi katundu womangira monga njerwa. Ikani tsiku limodzi pa sabata loyankha mmisiri wanu, ndipo ngati simungathe, tchulani lero munthu woyankha m'malo mwanu. Inu amisiri, musayale njerwa yoyamba musanagwirizane kuti mwini akakhala chete chichitike n'chiyani.