Agogo sanali otsekula m'mimba, anali odzimbidwa

Mwezi wathawu ndinapita kumudzi kwathu kwa Kaduya, m'boma la Phalombe, nditalandira uthenga woti agogo anga aakazi akutsekula m'mimba. Azakhali omwe amawasamalira anandilandira ndi madandaulo. "Mwanawe, masiku atatu tsopano zovala zikungonyowa. Tawagulira mapilisi oletsa kutsekula ku Migowi, koma palibe chikusintha, ndipo nsima akuikana."

Nditakhala pamphasa pafupi ndi agogowo, ndinawafunsa motsitsa mawu kuti chimbudzi chenicheni, chogwirika, anachita liti. Anayang'ana kumbali kaye, kenaka anati, "Sabata yatha ndi masiku ena, mdzukulu wanga. Ndikapita ndimangokhala, kumatuluka timibulu touma ngati ta mbuzi." Mimba yawo inali yotupa, ndipo kumunsi chakumanzere kunali kolimba.

Agogo anali odzimbidwa kwambiri. Chimbudzi chikakhalitsa m'thumbo lalikulu, thupi limapitiriza kuyamwa madzi ake mpaka chimauma n'kutseka njira ngati chitsekerero cha botolo. Zamadzimadzi zochokera kumtunda zimadutsa m'mbali mwa chotsekacho n'kumadontha munthu osadziwa. Osamalira amaona zovala zonyowa, n'kuthamangira loperamaidi, mankhwala amene ntchito yake ndi kuchedwetsa matumbo. Chimene chikufunika kutuluka chimangolimbirapo. Izi zimandiwawa chifukwa zimachitika m'makomo a anthu achikondi, ndipo gwero lake ndi manyazi athu ofunsa akuluakulu za kuchimbudzi.

Tinawatengera kuchipatala, ndipo dokotala anayamba ndi kupempha kajumbo ka mankhwala onse amene agogo amamwa. Munali mapilisi owonjezera magazi, aja ofiira a ayironi. Munali amitriputilini amene anawapatsa chifukwa cha kutentha kwa mapazi usiku. Munali tramadolo wa ululu wa m'chiuno, komanso mankhwala a kuthamanga kwa magazi amene amakodzetsa. Aliyense mwa amenewa anaperekedwa pa chifukwa chomveka, koma onse anayi amakankhira mbali imodzi. Tramadolo ndi abale ake, kodini ndi mofini, amagonetsa matumbo kuti asamakankhe chakudya mwachangu. Amitriputilini amachita chimodzimodzi, ndipo chizindikiro chake china ndi kuuma m'kamwa. Ayironi amalimbitsa chimbudzi n'kuchidetsa. Okodzetsa amachotsa madzi m'thupi la munthu amene kale samwa mokwanira. Palinso piritoni amene timagula m'golosale tikamva chimfine, ndi mankhwala ena a BP monga nifedipini, omwenso amatha kudzimbitsa.

Musawasiyitse nokha agogo anu mankhwala a BP kapena a ululu chifukwa mwawerenga izi. Nyamulani kajumbo konse, mukauze adokotala kuti agogo atha masiku angati osachita chimbudzi. Kwa agogo anga, anayeza magazi n'kupeza kuti ayironi sakufunikanso, ndipo tramadolo anamuchepetsa. Za mofini ndinene padera, poti odwala khansa ambiri amamwera kunyumba: thupi limazolowera tulo timene mofini amabweretsa, koma kudzimbidwa sikuzolowereka. Wopatsidwa mofini ayenera kupatsidwanso mankhwala ofewetsa m'mimba kuyambira tsiku loyamba.

Mankhwala ofewetsawa sagwira ntchito mofanana, ndipo ndondomeko yake ndi imene inapulumutsa agogo. Chimbudzi chikatsekeka kumunsi, namwino amayamba kumunsi komweko, ndi kamankhwala koika kumalo otulukira chimbudzi, ka gilisalini kapena bisakodili, kamene kamagwira ntchito ola lisanathe. Zikakanika amapopera madzi a mankhwala, kapena kuchotsa zolimbazo ndi chala atavala magolovesi. Njira ikatseguka m'pamene akumwa amathandiza bwino. Lakitulozi ndi manyuchi otsekemera amene amakokera madzi m'matumbo kuti chimbudzi chifewe. Wamkulu amayamba ndi mamililita 15 kawiri patsiku, ndipo amatha kutenga masiku awiri asanaonetse mphamvu, choncho musafulumire kunena kuti walephera. Amadzaza mpweya m'mimba masiku oyamba. Bisakodili wakumwa ndi sena amadzutsa matumbo kuti akankhe. Piritsi la bisakodili ndi la mamiligalamu 5, limamwedwa usiku, limodzi kapena awiri, ndipo zotsatira zimabwera m'mawa. Likachuluka limapotokola m'mimba.

Mitundu iwiri ndimaiopa kwa okalamba. Ufa wa m'mafamase wochulukitsa chimbudzi umafufuma ndi madzi, ndiye kwa munthu womwa madzi pang'ono, wogona pamphasa tsiku lonse kapena womwa mofini, ungathe kutsekeratu matumbo. Mafuta a parafini wakumwa wa kuchipatala nawo ndi oopsa kwa amene amatsamwa pomeza, chifukwa akalowera m'mapapo amayambitsa chibayo.

Titabwerera kunyumba, nkhondo inasamukira kukhitchini. Azakhali amalemekeza amayi awo powaphikira nsima ya ufa woyera, tiyi ndi buledi m'mawa, ndiwo za matemba. Ufa woyera tachotsa gaga pokonola, ndipo gagayo ndiye amene amasunga madzi m'chimbudzi n'kuchipatsa thupi loti matumbo akankhe. Ife timamupatsa nkhuku ndi nkhumba. Zofunikazo kwa Kaduya zili pakhomo: mgaiwa, nandolo amene Phalombe imadziwika naye, khobwe, nkhwani, kholowa, chisoso, therere, mbatata, papaya wakupsa, mango m'nyengo yake. Agogo mano anatha, choncho tinayamba ndi phala la mgaiwa lothira nsinjiro, chipere cha nandolo ndi papaya wofewa. Tinawonjezera pang'onopang'ono pa masabata awiri, chifukwa nyemba zambiri mwadzidzidzi zimatupitsa mimba, ndipo wokalamba akavutika nazo kamodzi sadzazilawanso.

Madzi ndiwo anavuta koposa. Munthu akamakalamba ludzu limachepa ngakhale thupi likufuna madzi. Koma agogo anali ndi chifukwa china chimene anandiuza azakhali atatuluka. Amadzimana madzi dala kuyambira masana, kuopa kudzuka usiku kupita kuchimbudzi chakuseri mumdima, komanso mawondo awo salola kunjuta. Akamva kufuna chimbudzi amapirira, ndipo kupirira kumeneko kumazimitsa chizindikirocho. Tinakhoma mpando wathabwa wobooka pakati pamwamba pa dzenje, ndi mtengo wogwirira m'mbali. Tinaika botolo la malita awiri pafupi ndi mphasa yawo kuti lizitsika mpaka kutsala pang'ono dzuwa lisanapendeke, makapu 6 mpaka 8 patsiku, kuwerengera thobwa ndi phala lamadzi. Amene ali ndi matenda a mtima kapena a impso, otupa miyendo, afunse kaye kuchipatala mlingo wawo wa madzi. Ndipo m'mawa uliwonse akatha kudya phala amapita kukakhala pampandopo mosafulumira, chifukwa matumbo amadzuka okha chakudya chikangolowa m'mimba.

Si aliyense ayenera kuchita chimbudzi tsiku lililonse. Katatu pasabata, chofewa, chotuluka popanda kudzikakamiza, n'chokwanira. Koma pali kudzimbidwa kumene sikufuna papaya kapena piritsi. Mimba ikatupa ngati ng'oma, munthu akusanza, mpweya woipa osatuluka, matumbo akhoza kukhala atapotana, vuto limene madokotala a opaleshoni m'Malawi muno amaliona kawirikawiri mwa abambo achikulire. Pamenepo osamupatsa chofewetsa chilichonse, pezani galimoto usiku womwewo. Magazi m'chimbudzi, kuonda kosadziwika chifukwa, kapena kusintha kwa chimbudzi kumene kwatha masabata angapo mwa munthu amene kale analibe vuto, zimafuna kuyezetsa, chifukwa khansa ya m'matumbo imatha kuyamba motero.

Agogo anasiya lakitulozi patatha masabata atatu. Lamulungu lapitali azakhali anandiimbira foni kuti agogo ayambanso kupita kutchalitchi wapansi, ndipo akudandaula kuti phala la mgaiwa likuchedwa kupsa.