Mlatho Wobisika Pakati pa Umboni ndi Chigamulo

Mu 1854, kolera itapha anthu ambiri m'dera la Soho ku London, dokotala John Snow ananena kuti matendawa akuchokera m'madzi a mpope wa mumsewu wa Broad. Umboni wake unali wakuti ambiri mwa omwalirawo ankakhala pafupi ndi mpopewo. Koma umboni paokha sulankhula. Pakati pa imfa zija ndi chigamulo chake panali mfundo yolumikiza, yakuti matenda akaunjikana pozungulira gwero limodzi la madzi, ndiye kuti madziwo ndiwo akufalitsa matendawo. Omutsutsa sankakana imfazo ayi. Iwo ankati anthu oyandikana amapumanso mpweya umodzi wonunkha, choncho umboni womwewo unkawakomeranso. Kuwerenga maliro ena owonjezera sikukanathetsa mkanganowo, chifukwa chofooka chinali cholumikizacho. Snow anachilimbitsa posonyeza kuti ogwira ntchito pafakitale ya mowa mumsewu womwewo, amene sankamwa madzi a pampopewo, anapulumuka, pomwe mayi wina wa kutali ku Hampstead, amene ankatumiziridwa madziwo, anamwalira. Ena amati mfundo yodziwikiratu siyofunika kuitchula, koma yosatchulidwayo ndiyo imadutsa osayesedwa. Choncho pomva mtsutso uliwonse, tizifunsa chimene tiyenera kuvomereza kaye kuti umboniwo utifikitse pa chigamulocho.