Kalata yothokoza imene ndinachedwa nayo miyezi isanu

Tsiku lina ku ntchito abwana anga anaima pa desiki yanga n’kunena mongocheza kuti, “Dzulo ndinakumana ndi aphunzitsi anu aja. Amafunsa ngati mudakali kuno.” Ndinaseka, koma m’mimba munachita kuti myuu. Mayi amenewa ndi amene anandiyang’anira pa kafukufuku wa chaka chomaliza ku yunivesite, ndipo ndi amene anandikumanitsa ndi abwanawo. Panali patatha miyezi isanu chiyambireni ntchito, ndipo zonse zimene anali atalandira kwa ine ndi kachithunzi ka manja awiri ogundana pa WhatsApp. Basi.

Kukumanako kunachitika mosakonzekera. Ndinali nditakhala pakhomo chaka ndi miyezi iwiri, digiri ili m’chikwama, ndikungotumiza makalata ofunsira ntchito osayankhidwa. Pa msonkhano wina mu Blantyre, nthawi ya tiyi, mayiwa anandikoka dzanja n’kupita nane kwa mayi wina amene ali ndi kakampani kolembera mabungwe nkhani. Anangoti, “Uyu ndi mwana ndinkakuuzani uja. Amalemba bwino ndipo sachedwetsa ntchito.” Sizinathe ngakhale mphindi ziwiri. Patatha masabata atatu ndinaitanidwa ku intaviyu.

Chimene sindinachimvetse nthawi imeneyo n’chakuti mayiwa anaika dzina lawo pa chikole. Ndikanakhala wojomba kapena wabodza, abwanawo sakanawamveranso akadzabwera ndi mwana wina chaka chamawa. Ndiye pofunsa ngati ndidakalipo sankafuna kutamandidwa ayi. Ankafuna kudziwa ngati dzina lawo lili bwino. Kalata yothokoza munthu wotere ntchito yake yaikulu ndi imeneyo, kumuuza mmene zinathera.

Usiku womwewo ndinakhala pansi. Ndinalemba, kufuta, kulembanso, mpaka panatsala izi:

“Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse kunyumba. Pepani kuti kalata ino yachedwa, inayenera kukufikani kale.

Ndalemba kuti ndikuthokozeni chifukwa chondikumanitsa ndi mayi aja pa msonkhano wa mu Meyi. Anandiitana ku intaviyu mu Juni, ndinayamba ntchito pa 1 Julayi, ndipo nditamaliza miyezi itatu yoyesedwa ananditsimikizira kuti ndikhala.

Tsiku lija munawauza kuti sindichedwetsa ntchito. Mawu amenewo ndimawakumbukira Lachisanu lililonse ndikamapereka nkhani za sabata. Chizolowezi chanu chondibwezera mutu wa kafukufuku mpaka chiganizo chilichonse chikhale ndi umboni chikundithandiza kwambiri. Mwezi watha nkhani yanga ya alimi a mtedza inadutsa osakonzedwa.

Ndikudziwa kuti munaika dzina lanu pa ine, ndipo ndilisamala. Ngati pali ophunzira anu a chaka chomaliza amene akufuna kumva mmene ntchito yolemba imakhalira, ndili wokonzeka kucheza nawo.

Ine mwana wanu.”

Onani kuti ndi yaifupi, mawu ake sakupitirira 150. Kupepesa kwatenga mzere umodzi wokha. M’kalata yoyamba imene ndinafuta ndinali nditadzaza ndime yonse ndi zifukwa, za bandulo, za kutanganidwa, za maliro a kumudzi, ndipo nditaiwerenga ndinaona kuti ikukamba za ine yekha, osati za iwo. Ngati mwachedwa, vomerani kamodzi n’kupitiriza.

Ndime imene inandivuta kwambiri ndi yachitatu, ndipo ndi imene imasiyanitsa kalata yeniyeni ndi uthenga wongotumizirana. “Zikomo pa zonse zimene mwandichitira” ungathe kuuza aliyense, ngakhale kondakitala wa minibasi amene wakubwezera chenji. Mphunzitsi amene wadutsitsa ana mazanamazana amafuna kuona kuti mukukumbukira chinthu chimodzi chenicheni, kaya mawu amene ananena tsiku limenelo kapena chizolowezi chimene anakuphunzitsani. Njira yoyesera ndi yosavuta. Bisani moni wa pamwamba, muwerenge kalatayo. Ngati mungathe kuitumiza kwa amalume anu osasintha kanthu, simunalembe.

Pali chiganizo chimodzi chimene ndinachichotsa dala, ndipo ndikupempha kuti inunso musachilembe: “Zikomo pondipezera ntchito.” Ena amafika polemba kuti “pondilowetsa.” Timayankhula choncho kunyumba ndipo palibe amene amadabwa, koma zikalembedwa zimamveka zina. Uthenga wa pafoni umajambulidwa, umayenda. Ukafika kwa mnzanu amene analephera intaviyu yomwe ija, kapena kwa a ofesi yolemba anthu ntchito, ukuoneka ngati umboni wakuti munalowera pawindo. Komanso si zoona. Iwo anakukumanitsani ndi munthu, intaviyu munalowa nokha. Lembani chimene chinachitikadi: munandikumanitsa, munanditchula, munandichitira umboni.

Za malipiro musatchule. Musadandaulenso za abwana atsopanowo, ngakhale pang’ono pokha, chifukwa anthu awiriwa amadziwana kuyambira inu musanabwere ndipo adzamwerabe tiyi limodzi. Chinanso chimene chimaononga makalata ambiri ndi kamchira ka kumapeto, kakuti “komanso ndili ndi msuweni wanga amene akufuna ntchito.” Kalata yonse imasanduka mawu oyamba a pempho. Msuweniyo adikire, nkhani yake idzakhale ndi tsiku lake.

Ndikanabwerera m’mbuyo, ndikanathokoza katatu. Koyamba m’mawa mwake titangokumanitsidwa, uthenga wa mizere iwiri pafoni, monga timachitira kwathu kuno kuti “zikomo za dzulo.” Kachiwiri ndi kalata yeniyeni, pasanathe sabata chisainireni kontirakiti. Musathamange kulemba kalatayi mutangouzidwa pakamwa kuti mwatengedwa, chifukwa zinthu zimasintha ndipo mudzavutika kulembanso yobweza mawu. Kachitatu ndi kauthenga kakafupi miyezi yoyesedwa ikatha. Ndipo ngati ntchitoyo sinatheke, lembanibe. Auzeni kuti munapita, simunatengedwe, ndi chimene mwaphunzirapo. Akamva kwa inu osati kwa ena, adzakutchulaninso pena.

Ine ndinatumiza pa imelo chifukwa ndi mmene tinkalemberana nthawi ya kafukufuku, ndipo pamutu ndinangolemba kuti “Kuthokoza.” Kwa munthu wachikulire amene mumakumana naye ku tchalitchi kapena ku mzikiti, pepala lolemba pamanja mu envulopu limalemera kuposa foni. Uthenga wa mawu wa mphindi zinayi, chonde, usiyireni anzanu a m’kalasi.

Amayi anga atamva nkhaniyi anafunsa zimene makolo onse angafunse: “Ndiye wangopereka kalata yokha? Nkhuku bwanji?” Ndinawamvetsa, pakuti kwathu sapita kukathokoza chimanjamanja. Koma apa pamafunika kuonetsetsa. Chitenje kapena thumba la mpunga wa Kilombero kwa munthu amene sanali nawo pa gulu losankha, palibe vuto. Ndalama m’envulopu kapena pa foni ayi, makamaka ngati munthuyo amagwira ntchito m’boma kapena pa kampani yomwe yakutenganiyo, chifukwa zimenezo zimafanana kwambiri ndi ziphuphu ndipo mungamuike m’mavuto munthu amene anakuchitirani zabwino.

Yankho linabwera patatha masiku awiri, lalifupi ngati ndemanga zimene ankalemba m’mbali mwa mapepala anga. Anati asangalala, anandikonza chiganizo chimodzi chimene ndinaiwala mpumiro, kenako anafunsa ngati ndingapezeke Lachitatu masana kuti ndikacheze ndi kalasi yawo ya chaka chomaliza. Ndinapempha chilolezo kwa abwana, ndinapita.