ZA NDALAMA ZANU: Ndalama Yosokera M'buku Lanu la ku Banki

Sabata ino tikambe za chinthu chimene ambiri amachiyesa mwayi. Munthu apita ku makina otulutsa ndalama, ndipo apeza kuti m'buku mwake muli ndalama zoposa zimene anagwirira. Pofika ku komboni anzake amuuza kuti, "Idya mbale, kutola si kuba." Mawu amenewa ndi okoma pa mowa, koma kwa woweruza sagwira ntchito. Lamulo la dziko la South Africa likuti ndalama yolowa molakwa si yanu ngakhale ili m'dzina lanu. Mwini wake angathe kuifuna, ndipo woidya akudziwa kuti si yake angazengedwe mlandu wakuba.

Izi si nkhambakamwa. M'chaka cha 2004 bwalo lalikulu la apilo linaweruza mlandu wa kampani ya magalimoto ya Nissan, imene inatumiza ndalama zoposa R12 miliyoni ku buku la kampani ina chifukwa cha kulakwitsa nambala. Oweruza anati wolandira ndalama zotere alibe ufulu pa izo, ndipo kuzitenga akudziwa kuti si zake ndi kuba. M'chaka cha 2017 mtsikana wina wa pa sukulu yaukachenjede ya Walter Sisulu analandira R14 miliyoni m'malo mwa R1,400 ya chakudya. Anadyapo zoposa R800,000, ndipo mu 2022 bwalo la ku East London linampeza wolakwa pa mlandu wakuba ndi kumlamula zaka 5 m'ndende. Pa apilo mu 2023 anapulumuka ndende, koma dzina la mlandu linatsala. Taonani kuti iye sindiye analakwitsa manambala. Cholakwa chake chinali kudya akudziwa.

Tsono tiyerekeze za mnzathu wa pansi pa mgodi amene amalandira R14,500 pa mwezi. Lachisanu lina apeza R9,800 yoonjezera imene banki yaika mwangozi. Loweruka atumiza R6,000 kumudzi kuti mayi a kunyumba agule malata, agula lamya ya m'manja ya R2,300, ndipo pa ndalama yachilendoyo patsala R1,500. Patapita sabata ziwiri a banki aona kulakwa kwawo ndipo achotsa R9,800 yonse. Popeza munatsala R1,500 yokha, buku lake likhala ndi ngongole ya R8,300. Malipiro a mwezi wotsatira akalowa, ngongoleyo iyamba kudya, ndipo mnzathu atsala ndi R6,200 basi. Ngati ndalama za bungwe la maliro ndi za ngongole ya ku sitolo zimachotsedwa zokha m'bukumo, zina zikanika, ndipo banki imlipitsa pa chilichonse chokanika. Nanga malata aja? Ndalama inasanduka makwacha, malata akhomedwa kale, ndipo palibe angawazule kuti abweze. Sabata ziwiri za chimwemwe zabala miyezi ya njala ku nyumba ziwiri.

Ena amati, "Ndingokhala chete, adzaiwala." Musadalire zimenezo. Ndalama ya ku banki imasiya mapazi: tsiku, ola ndi nambala ya buku zonse zimalembedwa. Ndiponso mwa lamulo la 1969, ngongole yotere kawirikawiri sitha mpaka patapita zaka 3, kuwerengera pamene mwini wake wadziwa, kapena anayenera kudziwa, za nkhaniyo. Munthu angapite kumudzi pa tchuthi, nabwerera, napeza kalata ikumdikira.

Nanga muchitenji mukaipeza? Choyamba, musaikhudze. Musaitulutse, ndipo musaisamutsire ku buku lina poti mukuisunga, pakuti kusamutsa kumaoneka ngati kubisa. Dyani zanu zokha, ndipo m'bukumo muzikhala ndalama zosachepera pa yachilendoyo.

Chachiwiri, fufuzani ngati si yanu ndithu. Tengani sitetimenti ku makina kapena ku banki, muone tsiku, kuchuluka kwake ndi mawu olembedwa pambali pake. Mufanizire ndi chipepala cha malipiro anu. Nthawi zina ndalama yodabwitsa imakhala bonasi, malipiro a tchuthi, kapena zotsalira za kukwera kwa malipiro. Ngati yachokera ku mgodi, kafunseni kalaliki wa ku ofesi ya malipiro. Dziwani kuti ngati mgodi wakulipirani mopitirira chifukwa cholakwitsa kuwerengera, lamulo la ntchito la 1997 limaulola kuti ufune ndalamayo. Pamenepo pitani ndi woimira bungwe lanu la antchito, mupemphe kuti azidula pang'onopang'ono, ndipo pangano likhale lolembedwa.

Chachitatu, ngati si ya ku mgodi, kauzeni a banki msanga. Pitani nokha ndi pasipoti, kapena imbani nambala yolembedwa kuseri kwa khadi lanu. Pemphani nambala ya dandaulo lanu ndipo muilembe pamodzi ndi tsiku. Kapepala kameneko ndiko mboni yanu yakuti simunabise. Ngati ndalamayo inatumizidwa ndi munthu wina wolakwitsa nambala, a banki kawirikawiri amayamba apempha chilolezo chanu asanaibweze. Vomerani, ndipo aibweze iwo eni kumene inachokera.

Apa mpamene pali msampha waukulu, ndipo tcherani khutu. Musabweze ndalamayo ndi dzanja lanu kwa munthu wokuimbirani lamya. Akathyali amatumiza uthenga wonama wonga wa ku banki, wonena kuti mwalandira R3,000. Kenaka wina aimba akulira kuti inali ndalama ya maliro, mumbwezere msanga. Mukatumiza, mwatumiza zanu, pakuti m'buku simunalowe kanthu. Uthenga wa pa lamya si umboni. Umboni ndi sitetimenti. Njira yawo ina ndi yoipa koposa. Ndalama ilowadi, koma ndi yobedwa kwa munthu wina, ndipo akuuzani kuti muitumize ku nambala yosiyana ndi kumene inachokera. Mwini wake akadandaula, mapazi athera pa buku lanu. Banki ingalitseke pofufuza, malipiro anu ali momwemo, ndipo apolisi afunsa inu. Zizindikiro zake ndi izi: munthuyo afulumiza, akana kupita ku banki, ndipo apereka nambala ina. Yankho lanu likhale limodzi: "Bambo, kauzeni banki yanu, ine ndauza yanga." Nambala yachinsinsi ya khadi musauze munthu, ngakhale wodzitcha wa ku banki.

Pali ena amene akuwerenga mawu ano atadya kale. Abale, musathawe ndipo musasiye bukulo. Pitani musanaitanidwe, mufotokoze zoona, mubweze zotsala tsiku lomwelo, ndipo mupangane za zinazo monga mwa mphamvu ya malipiro anu. Wodza yekha amamveredwa bwino koposa wogwidwa. Kumbukiraninso kuti ife ndife alendo kuno. Mlandu wakuba ungathe kuononga chikalata chanu chogwirira ntchito, ndipo pamenepo mudzataya malipiro a zaka zambiri chifukwa cha R9,800.

Akulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mwezi uno yang'anani sitetimenti yanu pambali pa chipepala cha malipiro, ndipo muuzeko mnzanu wa m'chipinda amene sadziwa kuwerenga. Tsalani bwino mpaka sabata yamawa.